Kahedifoni Kamodzi Kakamatha Moto Msanga, Yambani Mwafufuza Kabokosi

Mwezi watha achemwali anga anabwera kunyumba atakwiya. Timahedifoni tawo topanda waya, timene timalowa m'khutu tija, tinali titangokwanitsa chaka ndi theka, koma ka kumanja kankazima ola limodzi lisanathe. Ka kumanzere kankafika maola anayi bwinobwino. "Iwe, anandigulitsa zafeki," anatero akuponya kabokosi patebulo. Nditawafunsa mmene amatigwiritsira ntchito, tinapeza kuti wogulitsa uja analibe mlandu.

Achemwali ali ndi shopu ya zovala. Tsiku lonse amavala kahedifoni ka kumanja kokha, kuti khutu linalo lizimva makasitomala. Akaweruka amaponya kabokosi m'chikwama, ndipo amakatchaja pokhapokha kakatheratu moto. Zizolowezi ziwirizi n'zimene zinafooketsa batire.

Choyamba tidziwe kukula kwa batire limene tikunenali. Batire la foni zambiri za masiku ano limalembedwa 4000 kapena 5000 mAh. La kabokosi nthawi zambiri limakhala pakati pa 300 ndi 500 mAh, pamene la kahedifoni kamodzi limangokhala cha m'ma 30 mpaka 60 mAh. Onsewa ndi a mtundu wa lithiyamu, ndipo batire la mtunduwu limafooka pang'onopang'ono nthawi iliyonse likadzaza ndi kutha. Opanga mabatire amawerengera kuti likazungulira choncho maulendo 300 mpaka 500, limayamba kusunga moto wochepa mooneka. Pa foni mutha osazindikira msanga, koma kabatire kakang'onoka kakangotaya pang'ono, mumamva nthawi yomweyo.

Tiyeni tiwerengere za achemwali. Kahedifoni kawo kali katsopano kankatha maola asanu. Iwo ankakagwiritsa ntchito pafupifupi maola asanu pa tsiku, kutanthauza ulendo umodzi wathunthu tsiku lililonse. Pa chaka ndi theka, ka kumanja kanali katadutsa maulendo 500, pamene ka kumanzere kankangogona m'kabokosi. Komanso kuyankhula pa foni kumadya moto wambiri kuposa kumvera nyimbo, chifukwa maikolofoni imakhala ikugwiranso ntchito. Akanamasinthanitsa, lero kumanja mawa kumanzere, kalikonse kakanakhala katayenda theka chabe la ulendowo. Ngati inunso mumavala kamodzi, sinthanitsani. Sizifuna ndalama.

Ena amaopa kubwezera timahedifoni m'kabokosi pafupipafupi, ati kutchaja kawirikawiri kumapha batire. Imeneyo ndi nkhani ya mabatire akale. Ulendo umodzi umawerengedwa mukagwiritsa ntchito moto wokwana batire lonse, ndiye mukadya theka m'mawa ndi theka madzulo, umenewo ndi ulendo umodzi basi. Batire la lithiyamu limakonda kuwonjezeredwa moto pang'onopang'ono kusiyana n'kulifinya mpaka lizime lokha. Mukamva kamawu kochenjeza kuti moto watsala pang'ono, musakakamire kuti nyimbo ithe kaye. Bwezerani.

Tsono apa m'pamene kabokosi kamalowa. Kabokosi si posungira chabe, ndi tchaja komanso switchi. Pa mitundu yambiri, timahedifoni timazima tikamva kuti takhudza timapini ta m'kabokosi kamene kali ndi moto. Kabokosi kakatheratu, pa mitundu ina, makamaka yotchipa, timahedifoni timadzuka tokha n'kulumikizana ndi foni tili m'chikwama momwemo. Mwina zinakuchitikiranipo: foni ikuitana koma simukumva, kapena vidiyo ikusewera popanda mawu. Nthawi imeneyo timabatire timakhala tikutha mpaka pa ziro, ndipo batire la lithiyamu likakhala pa ziro kwa milungu limatha kukana kudzukanso. Choncho kabokosi katchajeni kakatsala ndi nyale imodzi, kapena kakafika cha m'ma 20 peresenti.

Kudzazitsa nakonso kuli ndi malire ake. Kabokosi kamasiya kokha kulandira moto kakadzaza, ndiye kuiwala usiku umodzi si ngozi. Choipa n'kukasiya pa tchaja masiku ambiri, chifukwa batire lokhala lodzaza nthawi zonse limakalamba msanga. N'chifukwa chake pa AirPods Pro pali `Optimized Battery Charging`, imene imaimitsa moto pa 80 peresenti mpaka nthawi imene mumakonda kuvala itayandikira. Ngati mukufuna kusunga timahedifoni mwezi kapena kuposerapo, siyani kabokosi kali ndi moto wa theka, ndipo muzikawonjezera pakapita miyezi ingapo.

Mdani wamkulu kuposa onse ndi kutentha. Kampani ya Apple imanena kuti AirPods azigwiritsidwa ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35, ndipo mabatire a mitundu ina sasiyana kwenikweni. Ganizirani mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene ngakhale pamthunzi pamadutsa pamenepo. Kabokosi kosiyidwa kutsogolo kwa galimoto yotseka mawindo, pawindo la nyumba, kapena pamwamba pa dikoda, kamapsa ndithu. Kutchaja kabokosi kali kotentha kale ndiye kumaonjezera vuto. Kaikeni pamthunzi kazizire kaye, ndipo musakatchaje pansi pa pilo kapena m'bulangete.

Pa nkhani ya tchaja, werengani timalemba ta pansi pa kabokosi kapena m'kabuku kake. Timabokosi tambiri timalembedwa `5V`. Tchaja yabwino ya foni imapereka mphamvu yokhayo imene kachipangizo kapempha, ndiye ilibe vuto. Zoopsa ndi matchaja osadziwika kochokera, aja amatentha ngati ayironi. Magetsi akazima, zulani tchaja pakhoma, chifukwa nthawi zina amabwera mwamphamvu. Ngati mukudalira pawabanki, dziwani kuti yambiri imazima yokha ikaona kuti chimene mwalumikizacho chikukoka moto wochepa kwambiri, ndipo mumapeza kabokosi sikanadzaze. Ina ili ndi njira yapadera ya zipangizo zing'onozing'ono, imene kawirikawiri imayaka mukadina batani kawiri.

Nanga mungadziwe bwanji kuti batire lafookadi? Musathamangire kugula tatsopano. Thukuta, fumbi ndi phula la m'khutu zimaphimba timadontho tachitsulo ta pa kahedifoni, ndiye kamalowa m'kabokosi koma osalandira moto. Pukutani timadonthoto ndi kansalu kouma, ndipo timapini ta m'kabokosi tikolopeni ndi kathonje kouma. Madzi ayi, singano ayi. Kenako ikani tonse tiwiri m'kabokosi kodzaza kwa maola awiri, mutulutse, muone pa foni. Kamodzi kakamaonetsabe moto wochepa, vuto lili pa timapini kapena kabokosi. Kakaonetsa 100 peresenti koma n'kuzima pasanathe ola, batire lakalamba, ndipo pa mitundu yambiri silisinthika chifukwa linamatidwa mkati. Mukaona kuti kabokosi katupa, chivundikiro sichikutseka, kapena kakutentha mosagwirika, siyani kukagwiritsa ntchito ndipo musakaponye pamoto wa zinyalala, chifukwa batire la lithiyamu limaphulika.

Ta achemwali tinayesa chimodzimodzi. Titapukuta, ka kumanja kanaonetsa 100 peresenti, koma kanazimabe patatha mphindi 50. Kameneko kanapita basi. Panopa akugwiritsa ntchito ka kumanzere pamene akusunga ndalama zogulira tina, ndipo kabokosi akumakatchaja Lachitatu ndi Lamlungu madzulo, nthawi imodzi ndi foni. Potsanzikana anandiuza kuti, "Tatsopanoto ndizisinthanitsa, koma iweyo uzindikumbutsa." Ndavomera, achemwali.