Wolankhula ndiye akonze, wodwala asanatuluke

Mkangano wa makina omwe amamva mawu a dokotala n'kuwalemba okha waphonya poyambira. Anthu akungolimbana zoti makinawa amalakwitsa kapena ayi. Amalakwitsa ndithu. Chofunika kukambirana, makinawa asanafalikire m'zipatala za ku Dowa ndi Ntchisi, n'choti zolakwikazo azikonza ndani, nthawi yanji. Ine ndikuti azikonza yemwe walankhula, wodwala adakali pampando.

Ena akuti imeneyi ndi ntchito ya kalaliki madzulo, kapena ya pulogalamu yogwira masipelo. Chifukwa chawo n'chomveka: mzere wa odwala malungo ku Mponela m'dzinja sudikira munthu. Kafukufuku wa ku Amereka wa 2018 akuwaikirako kumbuyo: makina ankalakwitsa mawu oposa 7 pa 100 alionse, koma akatswiri olemba atakonza, zolakwika sizidafikenso 1 pa 100. Komatu amenewo ndi anthu ophunzitsidwa mayina a mankhwala. Tili nawo angati ku Malomo kapena ku Mvera?

Tiyerekeze mwana wa zaka zitatu, woyezedwa n'kupezeka ndi malungo, wolemera makilogalamu 15. Dokotala wanena kuti "fifitini", makina amva "fifite" n'kulemba 50. Sipelo yolakwika palibe, choncho pulogalamu ija ili duu. Mwana wa makilogalamu 15 amamwa mapilitsi awiri a LA kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Wa makilogalamu 50 amamwa anayi. Panado nayenso amatsata sikelo: mamiligalamu 15 pa kilogalamu amapereka 225, koma pa nambala yolakwika ija amafika 750. Dokotala yemwe wangomunyamula mwanayo aona pompo kuti wa zaka zitatu sangalemere chotero. Kalaliki akamatsegula faelo madzulo, mayi amakhala atakwera kale kabaza, mankhwala ali kumpango.

Mayina a mankhwala ndiwo oopsa kwambiri, poti makina amakonda kusankha dzina lenileni lomveka mofanana. Mayi woyembekezera yemwe magazi ake akuthamanga pa 170/110 akufunika `hydralazine`, koma pakompyuta patha kuoneka `hydroxyzine`, mankhwala a kuyabwa. Wodwala khunyu womwa `carbamazepine` atha kulemberedwa `carbimazole`, a chithokomiro. Chogwirira cholakwika chotere ndi chimodzi: kufunsa ngati mankhwalawo akugwirizana ndi matenda omwe alembedwa pamwamba pake.

Zoti zimenezi zichedwetsa mzere n'zokokomeza. Palibe akupempha dokotala kuwerenga ndime yonse. Awerenge mokweza dzina la mankhwala, mlingo, kangati pa tsiku, ndi kulemera kwa wodwala, akufananitsa ndi zomwe zili m'buku la kuchipatala. Manambala aziwanena imodziimodzi, "wani, faifi". Cholakwika chikapezeka atasaina kale, asafufute mwakachetechete: alembe chokonzacho ndi tsiku lake, n'kudziwitsa wa ku famase nthawi yomweyo.