Sikuti imakutulutsani mwachisawawa

Pulogalamu ya pa intaneti ikamakutulutsani muli mkati mwa ntchito, yambani mwayang'ana wotchi. Mukalowa ndi pasiwedi, maseva ambiri amapatsa bulawuza matokeni awiri, ndipo kawirikawiri amasungidwa m'makuki. Yoyamba ndi yolowera, imene imatha msanga, tinene pa mphindi 15. Yachiwiri imakhalitsa, ndipo ntchito yake ndi kukatenga yolowera yatsopano mwakachetechete. Maseva ambiri amalola kuti yachiwiriyi igwire ntchito kamodzi kokha, kenako amapereka ina. Tsono tiyerekeze kuti mwatsegula matabu awiri. Mphindi 15 zikakwana, onse awiri amatumiza tokeni imodzimodziyo nthawi imodzi. Wofika poyamba amalandiridwa, koma winayo seva imamuyesa wakuba, basi n'kuthetsa matokeni onse. N'chifukwa chake mumatulutsidwa pa mphindi 15, 30 kapena 45, osati pa 22, ndipo mu `Network` ya bulawuza mumaoneka `401`. Mankhwala ake ali kwa opanga pulogalamu: tabu imodzi yokha izipempha tokeni yatsopano, kapena tokeni yakale izilandiridwabe kwa masekondi ochepa. Koma ngati mumatulutsidwa mukangotseka bulawuza, vuto ndi lina: kukiyo ilibe `Max-Age` kapena `Expires`.

— Nangondo