Masiku 13 anasanduka 31

Abale anga, sabata yatha nditatuluka ku wailesi ndinapeza mphunzitsi wina akundidikira, envulopu ili m'manja. Amaphunzitsa pa sukulu ina kuno ku Angónia, kufupi ndi malire a Dedza. Dzina lake ndi la sukuluyo sinditchula.

Akulu a sukulu anam'patsa ntchito yotaipanso mapepala akale pa kompyuta chiswe chisanawamalize. Limodzi mwa mapepalawo linali la kalasi yachinayi ya 1995, nthawi imene anthu anali atangobwerera kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha mu 1992. Linali ndi maina a ana 43. Pa mzere wa mwana aliyense panali masiku amene anajomba mwezi ndi mwezi, ndipo kumapeto, kudzanja lamanja, panali masiku onse a chaka. Pansi pa mwezi uliwonse anawonkhetsanso masiku a kalasi yonse.

Pepalalo linali la kaboni, lopyapyala ndi lofufuma, moti 3 ndi 8 zimaoneka ngati mapasa. Koma taipilaita imamenya pepala ndi kusiya kachipsera. Mphunzitsiyo amaligoneka pafupi ndi zenera m'mamawa, dzuwa likadali pansi, ndipo mthunzi wa zipserazo umam'onetsa nambala ngakhale pamene inki inatheratu.

Atatha kutaipa anachita chinthu chimene ambiri sachita. Anawonkhetsa manambala a kudzanja lamanja, kuchokera pamwamba kutsika, napeza 405. Kenaka anawonkhetsa a pansi, mwezi ndi mwezi, napeza 387. Awiriwa amayenera kufanana, pakuti masiku ake ndi omwewo, kungoti wawawerenga njira ziwiri, monga munthu awerengera mapando m'munda motsata mizere kenaka mopingasa. Apa panali kusiyana kwa 18.

Poyamba anadzikayikira yekha, nabwereza kuwerenga pepala lonse. Zinatuluka zomwezo. Ndipo anakumbukira nzeru ya alembi a ndalama: munthu akatembenuza manambala awiri polemba, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Yesani nokha. Mukalemba 21 m'malo mwa 12 mwaonjeza 9, mukalemba 52 m'malo mwa 25 mwaonjeza 27. Tsono 18 kugawa ndi 9 ndi 2, kutanthauza kuti manambala otembenuzidwawo akusiyana ndi 2, monga 1 ndi 3 kapena 2 ndi 4. Sanavutikenso ndi ana onse 43. Anangofuna amene kumapeto kwawo kunalembedwa 20, 31 kapena 42.

Anapeza awiri. Mnyamata wa masiku 20, ake anakwana bwino. Winayo anali mtsikana: Malichi 4, Epulo 2, Juni 5, Ogasiti 2, miyezi inayo sanajombe. Pamodzi ndi 13. Pa pepala panalembedwa 31, ndipo pambali pake wina anaika mtanda wa inki yofiira.

Ine pamenepa ndinaleka kuseka za masamu, chifukwa mtsikanayo alipo. Lero ndi mai wa ana, amagulitsa kachewere pamsika, ndipo mwana wake wamng'ono amaphunzira m'kalasi ya mphunzitsi yemweyu. Atapita kukawaonetsa pepalalo, maiwo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafotokoza kuti chaka chimenecho bambo awo anaitanidwa kusukulu nauzidwa kuti mwana wawo wajomba masiku oposa mwezi. Iye anakana, koma ndani akanamvera mwana pamaso pa pepala lotaipidwa? Bambowo anati ngati akuthawa sukulu, bola azikalima. Sanabwererenso.

Wotaipa wa nthawi imeneyo sindimuda. Mwina anali yekha pa sukulu yonse, akutaipa usiku ndi koloboyi. Chimene chimandiwawa ndi chakuti pepala linadutsa m'manja angapo, siginecha ziwiri zili pansi, koma palibe anawonkhetsa njira ziwiri. Ndi ntchito ya pensulo, yosakwana ola limodzi.

Koma njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira cholakwa cha powonkhetsa ndi potaipa. Ngati mphunzitsi analemba kuti mwana wajomba tsiku limene anabwera, cholakwacho chimalowa mbali zonse ziwiri ndipo manambala amafanana ndithu. Chotere chimangopezeka m'kaundula woitanira maina tsiku ndi tsiku, ndipo wa 1995 chiswe chinadya kale.

Akulu a sukulu anafuna kuti angolemba 13 nkhani ithe. Mphunzitsiyo anakana, nati pepala lakale salikonza mobisa. Anataipa 31 monga zinalili, pansi nalemba kuti miyezi ikupereka 13, naika tsiku ndi siginecha yake. Maiwo anapempha pepala lawolawo. Akuti akufuna kukawawerengera bambo awo, amene tsopano saonanso bwino.