Ulimi wa mgwirizano wa fodya ku Malawi ndi kadulidwe ka ngongole

Ulimi wa mgwirizano, womwe alimi ambiri amautchula kuti ulimi wa kontirakiti, ndi dongosolo lomwe mlimi ndi kampani yogula mbewu amapangana nyengo yolima isanayambe. Kampani imalonjeza kudzagula zokolola ndipo nthawi zambiri imapereka zipangizo zaulimi pa ngongole. Mlimi naye amalonjeza kudzagulitsa zokololazo kwa kampani yomweyo. Ngongoleyo mlimi sabweza ndi manja ake ayi, imadulidwa pa ndalama zomwe wagulitsira mbewu zisanafike mu akaunti yake. Ku Malawi dongosololi limadziwika kwambiri pa fodya, mbewu yomwe imabweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa ina iliyonse m'dzikomo.

Mbiri yake mwachidule

Kwa zaka zambiri fodya wa ku Malawi ankagulitsidwa pa okushoni, pomwe ogula amapikisana mitengo pa belo iliyonse. Mu 2012 boma linavomereza dongosolo la mgwirizano lotchedwa IPS, ndipo linakonza zoti magawo 80 pa 100 alionse a fodya azigulitsidwa kudzera mu mgwirizano, 20 otsalawo pa okushoni. Makampani ogula monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI ankafuna kudziwa munda womwe fodya wawo wachokera komanso momwe walimidwira, popeza makampani opanga ndudu kunja amafunsa umboni woti fodyayo sanalimidwe ndi ana ndiponso sanathiridwe mankhwala oletsedwa. Alimi nawo ankasowa kokongola feteleza, chifukwa mabanki sakonda kubwereketsa ndalama kwa munthu wopanda chikole.

Lamulo la fodya la 2019 linaika ulimi wa mgwirizano m'malamulo, ndipo bungwe la boma loyang'anira fodya linayamba kutchedwa Tobacco Commission. Bungweli ndilo limalembetsa alimi ndi kuwapatsa mlingo wa makilogalamu omwe aloledwa kulima. Misika ikuluikulu ili ku Kanengo mu Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu ndi ku Chinkhoma m'boma la Kasungu.

Zomwe zimakhala mu ngongole

Pali migwirizano ya mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba mlimi amadzigulira yekha zipangizo ndipo kampani imangomulonjeza msika. Pa mtundu wachiwiri, womwe ndiwo umadzetsa madandaulo ambiri, kampani imapereka zipangizo pa ngongole, yokha kapena mogwirizana ndi banki.

Mlimi salandira ndalama zoti akagule zomwe wafuna. Amalandira katundu yemwe kampani yasankha molingana ndi kukula kwa munda: mbewu ya fodya, mankhwala a kunazale ndi a kumunda, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Makampani ena amaonjezerapo mbewu ya chimanga ndi feteleza wake kuti banja lisamapatutse feteleza wa fodya n'kukathira ku chimanga, mbande za mitengo, ndiponso ndalama pang'ono zolipirira aganyu m'miyezi ya njala. Chilichonse mwa zimenezi chimalembedwa pa dzina la mlimi kapena la kalabu yake, pa mtengo womwe wobwereketsayo waika, kuphatikizapo chiwongoladzanja.

Katunduyu amayamba kufika pa nthawi yofesa nazale, cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Fodya amawokeredwa ndi mvula yoyamba, cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo misika imatsegulidwa cha mu Epulo. Choncho ngongole imadziwika kukula kwake miyezi yambiri mlimi asanadziwe kuti adzakolola makilogalamu angati komanso kuti adzagulitsa pa giredi yanji.

Momwe ndalama zimadulidwira

Posaina mgwirizano, mlimi amasainanso chilolezo chotchedwa sitopu oda. Ichi ndi chikalata chomwe chimalola oyendetsa msika kapena banki kuchotsa ndalama za ngongole pa malonda ake n'kuzipereka kwa wobwereketsa popanda kumufunsanso. Belo iliyonse imakhala ndi nambala ya mlimi kapena ya kalabu, ndiye ndalama zonse zogulitsira fodya wa nambala imeneyo zimadutsa pomwe pali sitopu odayo.

Belo ikafika pamsika imayezedwa kulemera, imapatsidwa giredi, ndipo mtengo wake umatchulidwa mu madola a ku America pa kilogalamu. Pa ndalama zomwe zapezekazo pamachoka zinthu zingapo: malipiro a oyendetsa msika, ndalama ya Tobacco Commission, ndalama ya kafukufuku yopita ku bungwe la ARET, ya ziguduli zokutira mabelo, ya bungwe la alimi lomwe mlimiyo ali membala monga TAMA kapena NASFAM, ya galimoto yomwe inanyamula fodya, ndi msonkho wa boma kwa omwe ukuwakhudza. Ngongole ya zipangizo imachotsedwanso pomwepo. Zotsalazo ndi zomwe zimalowa mu akaunti. Zonsezi zimalembedwa pa chikalata cha malonda chomwe alimi amati seloshiti.

Chitsanzo cha masamu

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya chaka china chake. Tiyerekeze kuti mlimi wa fodya wa bale watenga zipangizo za hekitala imodzi zokwana madola 1,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja. Tiyerekezenso kuti zodula zina zonse zija zimakwana magawo 10 pa 100 alionse a zomwe wagulitsa.

M'chaka cha mvula yabwino wakolola makilogalamu 1,500, omwe ndi mabelo 15 olemera makilogalamu 100 iliyonse. Fodya amathyoledwa kuyambira masamba a m'munsi, omwe mtengo wake umakhala wotsikirapo, ndipo ndi omwe amayamba kuuma m'chigafa. Ulendo woyamba watumiza mabelo asanu a fodya ameneyu, agulidwa pa dola 1.50 pa kilogalamu, ndipo apeza madola 750. Kuchotsa madola 75 a zodula zina, patsala 675. Ngati mgwirizano ukunena kuti ngongole idulidwe yonse kaye, madola 675 onsewo apita kwa wobwereketsa. Seloshiti isonyeza kuti mlimi wagulitsa fodya, koma mu akaunti simulowa kanthu, ndipo ngongole yotsala ndi madola 325.

Ulendo wachiwiri watumiza mabelo 10 a masamba abwino, agulidwa pa madola 2.25 pa kilogalamu, ndipo apeza madola 2,250. Kuchotsa 225 ya zodula zina ndi 325 ya ngongole yotsala ija, mlimi walandira madola 1,700. Pa ndalama imeneyi ndi pomwe alipire antchito, milimo ya chigafa ndi ngongole zina za kumudzi.

Tsopano tione chaka chomwe mvula inadula mu Januwale. Mlimi yemweyo wakolola makilogalamu 900 okha, ndipo popeza masamba ndi ang'onoang'ono, mtengo wapakati watsikira pa dola 1.60. Malonda onse akwana madola 1,440. Zodula zina ndi 144. Ngongole ikadali madola 1,000, chifukwa siitsika pamodzi ndi zokolola. Mlimi walandira madola 296. Zokolola zachepa ndi magawo 40 pa 100, koma ndalama yofika m'manja mwake yachepa ndi magawo opitirira 80 pa 100, pomwe wobwereketsa walandira zake zonse.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya sitopu oda. Popeza wobwereketsa amalipidwa poyamba ndipo mlimi amatenga zotsala, vuto lililonse la mvula, matenda a fodya kapena giredi yotsika limayamba kudya gawo la mlimi. Njira yosavuta yoyezera kulemera kwa ngongole ndi kuiwerengera mu makilogalamu. Pa mtengo wapakati wa madola 2.00, mlimi wa m'chitsanzochi amafunika makilogalamu pafupifupi 556 kuti abweze. Pa dola 1.60 amafunika pafupifupi 694, kutanthauza kuti mwa mabelo asanu ndi anayi a chaka choipa chija, asanu ndi awiri ndi a ngongole.

Magwero a mikangano

Nkhani yoyamba ndi ya giredi. Boma limalengeza mitengo yoyambira ya giredi iliyonse msika usanatsegulidwe, koma mtengo wa belo umadalira giredi yomwe beloyo yapatsidwa tsiku logulitsa. Pa okushoni ogula amakhala angapo, pomwe mlimi wa mgwirizano ali ndi wogula m'modzi yemwe alinso mwini ngongole. Mlimi akhoza kukana mtengo n'kubweza belo, koma kudikira kumachedwetsa ndalama zomwe banja likuziyembekezera. Belo ikhozanso kukanidwa ngati muli nkhungu, magiredi osakanikirana kapena zinyalala monga mapulasitiki.

Nkhani yachiwiri ndi ya makalabu. Alimi ang'onoang'ono ambiri amatenga ngongole ngati gulu pa nambala imodzi, ndipo amakhala ngati chikole cha wina ndi mnzake. Membala m'modzi akalephera kubweza, sitopu oda imadula gawo lake pa malonda a anzake. Mlimi yemwe walimbikira akhoza kupezeka akulipirira mnzake yemwe anagulitsa feteleza wa ngongole.

Nkhani yachitatu ndi kugulitsa fodya kumbali. Mlimi akaona kuti mabelo ake onse adzathera ku ngongole, amatha kugulitsa kwa mavenda omwe amalipira pompopompo, kapena kudutsitsa fodyayo pa nambala ya munthu wina wopanda ngongole. Fodya wina amazembetsedwa kupita ku Zambia ndi ku Mozambique. Makampani amadandaula kuti amataya ndalama ndi fodya yemwe anathandiza kulima, ndipo amayankha pochotsa alimi oterewa m'kaundula wawo. Ili ndi gawo la chiopsezo lomwe limagwera kampani, ndipo ndi chifukwa chake makampani amakonda kudula ngongole yonse pa mabelo oyambirira.

Nkhani ya kwacha ndi dola

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ngati ngongole inalembedwa mu madola, kutsika kwa kwacha sikusintha chiwerengero cha makilogalamu ofunika kuibweza, popeza fodya naye amagulidwa mu madola. Ngati inalembedwa mu makwacha ndipo kwacha yatsika msika usanatsegulidwe, mlimi amabweza ndi makilogalamu ochepa. N'chifukwa chake ndalama yomwe ngongole yalembedwera ndi mfundo yaikulu mu mgwirizano.

Chinanso chomwe alimi akhala akudandaula m'zaka zaposachedwapa n'choti madola awo otsala amasinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa kubanki, pomwe katundu wambiri m'masitolo amatsatira mtengo wokwera wa dola wa pamsika wosavomerezeka. Mlimi yemwe akufuna kusiya ngongole n'kumadzigulira yekha feteleza amapeza kuti makwacha ake sakukwanira, ndipo amasainanso mgwirizano wa ngongole chaka chotsatira.

Zomwe zimatsimikizira ngati kadulidwe kali koyenera

Mlimi akhoza kudziwa ngati wadulidwa molondola poyerekeza zikalata zitatu: mgwirizano womwe anasaina, zikalata zolandirira katundu zosonyeza kuchuluka ndi mtengo wa chilichonse, ndi maseloshiti onse a nyengoyo. Ndalama za ngongole zomwe zadulidwa pa maseloshiti onse zikaphatikizidwa zikuyenera kufanana ndi mtengo wa katundu yemwe analandira kuphatikiza chiwongoladzanja chomwe anagwirizana. Zikapitirira, mwina wadulidwa katundu yemwe sanafike, ngongole ya chaka chatha, kapena gawo la membala wina wa kalabu. Vuto limakula pomwe zikalatazi zimasungidwa ndi atsogoleri a kalabu okha, kapena pomwe mlimi anasaina mtengo wa zipangizo usanalembedwe.