"Ndimayeza ndi maso" si muyeso, amayi

Amayi a ku Malindi, ndikakufunsani mafuta amene mumathira mu usipa mumati "supuni imodzi basi". Supuni yake iti? Yodzaza motani?

Supuni yaing'ono ya tiyi imalowa mamililita 5, omwe ndi makalori pafupifupi 40. Yaikulu imalowa mamililita 15, makalori pafupifupi 120. Zonsezo timangoti supuni, chonsecho yaikuluyo ndi zazing'ono zitatu.

Mafuta amadzimadzi saunjikika, amasefukira. Ndiye mukamayezera pamwamba pa poto, osefukirawo amagwera m'ndiwo ndipo simuwawerenga. Mumati mwathira ziwiri pamene zalowa zinayi: makalori 480 m'malo mwa 240. Majarini ndi mafuta oundana ndiwo amaunjikika ngati chulu, moti supuni imodzi yotumphuka imatha kukhala ziwiri zosalaza.

Ena amati "ndiwo zopanda mafuta sizikoma". Sindikuti musiye, ndikuti muyeze. Bambo wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amene anauzidwa kuti achepetseko thupi, angachepetse bwanji mukuthira ndi botolo?

Chitani izi. Tsukani kachikho koyezera mankhwala a mwana, kali ndi mzere wa 5 ml, muyesere supuni yanu kuti mudziwe kukula kwake. Sankhani supuni imodzi ikhale ya mafuta basi. Yezerani pambali pa poto. Majarini muziwasalaza ndi kumbuyo kwa mpeni.

Phala la mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo musalimane mafuta: supuni yaing'ono imodzi yosalaza.

Madzulo ano yesani supuni yanu, mundiuze mamililita amene yalowa.