Nyimbo yotsanzikana si ya pamtondo

Ndikutsutsana ndi khalidwe limene layamba kumera m'maphwando otsanzikana kuno ku Milange. Mphunzitsi kapena namwino akamapuma pa ntchito, kapena akamasamutsidwira ku Mocuba, anzake amatenga nyimbo yodziwika n'kuikamo mawu awo oseketsa. Zimenezo zilibe vuto. Vuto ndi lakuti ena amaiyesa nyimbo ya pamtondo.

Pamtondo mayi ankaimba dandaulo lake osatchula dzina, wolakwayo n'kumadzimvera yekha ali kuseri kwa nkhokwe. Paphwando si choncho. Munthuyo wakhala kutsogolo, akazi ake ali pambali, ana akujambula pa foni. Mawa lake kanemayo waoloka Muloza, alamu ake ku Mulanje aonera kale.

Ena amati, "Ndi nthabwala chabe, ngati za pachisuweni." Ayi. Msuweni amakubwezera pomwepo, mawa n'kudyera mbale imodzi. Wotsanzikana naye sabweza, chifukwa tsikulo ayenera kungomwetulira ndi kuthokoza, ndipo mawa palibe. N'chifukwa chake ngongole, mowa, mitala, matenda ndi kusabereka ndimati zisalowe m'nyimbo, ngakhale mudzi wonse ukuzidziwa. Makamaka mudzi wonse ukamazidziwa.

Nanga tiseke chiyani? Chimene mwini wake amadziseka nacho pagulu. Tiyerekeze ndi ahedi amene pamsonkhano amati alankhula mphindi zisanu, koma n'kutha ola lathunthu, ndipo iwo eni amavomera akuseka. Ine ndingawaimbire motere:

"Mphindi zisanu," amati,
Dzuwa lapita kuphiri,
Ife tulo pamipando,
Mawa tidzagona kuti?

Taonani kumene muvi wakhotera. Mizere iwiri yoyamba yakhudza ahedi, wachitatu watembenukira ife aulesi ogona pamsonkhano, ndipo womaliza ukunena kuti tidzawasowa popanda kutchula mawuwo. Ahedi angathe kuimba nawo, akazi awonso.

Werenganinso maphatikizo: mzere uliwonse uli ndi asanu ndi atatu. Yambani mwawomba m'manja nyimbo yoyambirirayo, muwerenge maphatikizo a mzere wake, anuwo alingane nawo. Mukawonjezera awiri, oimba amameza mawu, anthu samva, ndiye amayamba kufunsana kuti, "Ati chiyani?" Nthabwala yofotokozedwa kawiri imasanduka miseche. Za nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pamaliro, isiyeni. Agogo akangomva kayimbidwe kake nkhope zimagwa mawu asanayambe.

Kutatsala masiku awiri, kaimbireni mnzake wapamtima wa wotsanzikanayo, muli awiriwiri. Musamufunse ngati yakoma, muzingomuyang'ana nkhope. Mzere umene wasekera atagwira pakamwa, kapena wayamba wacheuka kuona ngati kukubwera munthu, ufafanizeni, ngakhale utakhala umene inu mumaukonda kuposa yonse.