Malire a Ndalama Osalembedwa m'Chichewa

Mu Seputembala 2024, banki yaikulu ya Zimbabwe inatsitsa ndalama zimene munthu angatuluke nazo m'thumba kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 2,000. Agogo a ku Guruve, amene anakalambira m'mafamu, akafika pabwalo la ndege la Robert Mugabe ndi madola 3,000 omangira nyumba ku Dedza, 1,000 yapamwambayo imafuna chilolezo. Popanda chilolezocho, a ZIMRA akhoza kulanda. Lamulolo si loipa ayi. Chonyansa n'chakuti limafika kwa agogowo m'Chingerezi, pomwe malamulo aakulu a 2013 amawerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Boma likuyembekezera kuti agogo aulule ndalama zawo pafomu imene sangathe kuiwerenga.